Mmene mungatsimikizire peyisilipi yotumizidwa pa foni: malipiro onse, NAPSA, msonkho ndi zotsala

Mwezi ukatha muno mu Lusaka, peyisilipi siyendanso pa pepala ngati kale. Wa ku maakaunti amaijambula pa kompyuta yake n'kuitumiza pa WhatsApp, kapena wantchito amaitsegula pa foni n'kutenga sikirinishoti yoti aonetse mwini nyumba, banki, kaya a gulu lobwereketsana ndalama. Ambiri akalandira chithunzicho maso amathamangira pansi penipeni, pa nambala ya ndalama zolowa m'thumba, akaiona basi n'kutseka foni. Koma nambala imeneyo ndi yomaliza kubadwa. Imachokera ku manambala ena a pamwamba pake, ndipo lililonse mwa iwo lili ndi pamene limawerengedwera: la NAPSA lili ndi pake, la NHIMA lili ndi pake, la msonkho lilinso ndi pake. Mukadziwa malo atatu amenewa, mphindi khumi ndi kalikuleta ya pa foni zikukwanirani kuona ngati peyisilipi ili bwino, ngati yalakwika, kapena ngati wina waikonza ndi chala.

Tigwiritsa ntchito peyisilipi yongoyerekezera ya munthu wosunga katundu pa kampani ina, ya mwezi wa Malichi 2025. Mawu a m'mizere tawasiya mmene amaonekera pa foni.

```
Pay Period: March 2025
Basic Pay            7,280.00
Housing Allowance    2,184.00
Transport Allowance    600.00
Lunch Allowance        400.00
Overtime 12 hrs        630.00
Gross Pay           11,094.00
NAPSA                  554.70
NHIMA                   72.80
PAYE                 1,730.78
Salary Advance         500.00
Loan                   850.00
Total Deductions     3,708.28
Net Pay              7,385.72
```

Yambani ndi chithunzicho

Musanagwire kalikuleta, onani ngati chithunzicho n'chathunthu. Foni imajambula zokhazo zimene zili pa galasi, ndiye peyisilipi yaitali imadulidwa mutu kapena miyendo. Mutu ukadulidwa simudziwa mwezi ndi chaka, ndipo popanda chaka simungadziwe magawo a msonkho oyenera, chifukwa boma likawasintha amayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale. Miyendo ikadulidwa mumataya mizere ya zimene bwana amalipira yekha komanso manambala osonkhanitsidwa kuyambira Januwale, amene nthawi zambiri amalembedwa `YTD`. Peyisilipi zina zimaika zolandira kumanzere, zodulidwa kumanja, moti munthu akakulitsa chithunzi kuti awerenge bwino n'kujambula, mbali imodzi imatsala kunja.

WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo manambala ang'onoang'ono amachita chimbuuzi: 3 amaoneka ngati 8, 1 ngati 7, kadontho ka ngwee n'kusowa. Ngati mukukayika ndi nambala ngakhale imodzi, musalote. Pemphani kuti akutumizireni fayilo yeniyeni ya PDF, kapena atumize chithunzicho ngati `Document`, chifukwa motero sichifinyidwa.

Kumutuko onaninso dzina, nambala ya NRC, nambala ya NAPSA ndi TPIN. Anthu amadumpha pamenepa poganiza kuti dzina lawo amalidziwa kale, koma nambala ya NAPSA ikalakwika pa dijiti imodzi, ndalama zimadulidwa ndithu mwezi ndi mwezi koma sizifika pa akaunti ya mwini wake.

Malipiro onse: `Gross Pay`

Phatikizani mizere yonse ya zolandira, umodzi umodzi, osakhulupirira nambala imene yalembedwa kale. Pa chitsanzo chathu K7,280 kuphatikiza K2,184, K600, K400 ndi K630 zikupereka K11,094. Zagwirizana. Koma kugwirizana kumeneku kukungotiuza kuti kompyuta imatha kuphatikiza. Funso lalikulu n'lakuti mzere uliwonse ndi woona kodi, ndipo yankho lake lili m'kalata ya ntchito, osati m'chithunzi.

`Basic Pay` iyenera kufanana ndi imene ili pa kontirakiti kapena pa kalata yomaliza yokweza malipiro. Ikachepa, kawirikawiri ndi masiku amene akuti munajomba. Makampani ambiri amagawa malipiro a mwezi ndi masiku 26 kuti apeze a tsiku limodzi, ndiye kwa munthu wathuyu tsiku limodzi ndi K280. Mukaona `Basic Pay` ya K6,720 m'malo mwa K7,280, zasowa K560, amenewo ndi masiku awiri, ndipo funso lopita nalo ku ofesi ndi lakuti masiku ake ndi ati. Alawansi ya nyumba pa makampani ambiri ndi 30 peresenti ya `Basic Pay`. Pano 30 peresenti ya K7,280 ndi K2,184. Zimachitika kuti munthu akakwezedwa malipiro amasintha mzere woyamba okha, wa nyumba n'kutsalira pa nambala yakale, choncho mwezi woyamba mutakwezedwa yesani mzere umenewu.

Ovataimu ndiye imafuna kudekha. Lamulo la ntchito la mu 2019 limati malipiro a ola limodzi amapezeka pogawa `Basic Pay` ya mwezi ndi maola 208, kapena 240 ngati munthuyo ndi mlonda. K7,280 kugawa ndi 208 ndi K35 pa ola. Ola la ovataimu pa tsiku wamba limalipidwa kamodzi ndi theka, limenelo ndi K52.50, ndipo la pa holide ya boma kapena pa tsiku lanu lopuma limalipidwa kawiri, K70. Maola 12 pa K52.50 ndi K630, monga zalembedwera. Mukanaona K420, mukanadziwa kuti alipira maolawo pa K35 osawonjezera theka lija. Ngati anayi mwa maola 12 aja anagwiridwa pa holide, nambala yoyenera ikanakhala K700. Chithunzi sichingakuuzeni maola amene munagwira, n'chifukwa chake ndi bwino kumalemba nokha m'kabuku tsiku lililonse limene mwaweruka mochedwa. Ichi n'cha antchito wamba. Mamanijala nthawi zambiri salandira ovataimu, zawo zimatsata kontirakiti.

Penshoni: NAPSA

Wantchito amadulidwa 5 peresenti, bwana amaikapo 5 peresenti ina ya m'thumba mwake, zonse pamodzi n'kukhala 10 peresenti. Pamene anthu amasochera ndi apa: 5 peresentiyo ndi ya malipiro onse, kuphatikizapo maalawansi, ovataimu ndi bonasi, osati ya `Basic Pay` yokha. Tengani K11,094, chulukitsani ndi 0.05, mupeza K554.70. Chithunzi chathu chikunena zomwezo.

Nambala ikasiyana, kusiyanako kumakuuzani komwe kwalakwika. Mukaona K364.00, awerengera pa `Basic Pay` yokha. Wantchito akhoza kusangalala poona kuti m'thumba mwalowa K190.70 yowonjezera, koma ameneyo waluza, chifukwa bwana nayenso wachepetsa gawo lake ndi K190.70 yomweyo, moti ku akaunti ya penshoni kukusowa K381.40 mwezi umodzi wokha, theka lake ndalama zimene sizikanachoka m'thumba la wantchito n'komwe. Ife timaona kulakwitsa kumeneku ngati koipa kuposa ena onse, chifukwa sikupweteka lero, ndiye palibe amene amadandaula mpaka tsiku lokatenga ndalama. Mukaona K1,109.40, ndiye kuti akudulani magawo onse awiri, lanu ndi la bwana, ndipo zimenezo n'zosaloledwa.

NAPSA ili ndi denga. Malipiro akapyola mlingo wina, zodulidwa zimaima pamenepo. Dengalo limasintha chaka ndi chaka: mu 2024 linali K29,816 pa mwezi, kutanthauza kuti wantchito sankadulidwa kupyola K1,490.80, ndipo mu 2025 linakwera kufika K34,164, zodulidwa zapamwamba n'kukhala K1,708.20. Choncho munthu wolandira K50,000 mu 2025 sayenera kuona K2,500 pa mzere wa NAPSA, ayenera kuona K1,708.20. Ndipo ngati peyisilipi ya 2025 ya munthu wotere ikuonetsabe K1,490.80, ndiye kuti a malipiro sanasinthe denga chaka chitayamba.

Mzere wa penshoni ukhoza kukhala woposa umodzi. Makampani ena ali ndi penshoni yawoyawo yowonjezera pa NAPSA, ndipo peresenti yake ndi pamene imawerengedwera zimalembedwa m'malamulo a thumbalo kapena m'kontirakiti, si za boma ayi. Antchito a boma amene analembedwa ntchito NAPSA isanayambe mu Febuluwale 2000 amaona PSPF pa peyisilipi yawo, ndipo a m'makhonsolo ena amaona LASF. Amenewa asagwiritse ntchito 5 peresenti ya pamwambayi.

Pafupi ndi NAPSA pamakhala NHIMA, inshuwalansi ya chipatala. Iyi ndiye imawerengedwera pa `Basic Pay` yokha, 1 peresenti. Pa K7,280 ndi K72.80. Mukaona K110.94, aiwerengera pa malipiro onse. Kusiyana kwake ndi K38.14 basi, koma kukusonyeza kuti makina a malipiro anatcheredwa molakwika, ndiye mizere inayo iyeseni mosamala kwambiri.

Msonkho: PAYE

Msonkho wa pa malipiro suli ndi peresenti imodzi. Ndalama za mwezi zimagawidwa m'magawo anayi, gawo lililonse ndi peresenti yake, ngati mukudzaza ndowa zinayi motsatizana: yoyamba ikadzaza madzi amasefukira m'yachiwiri, kenako yachitatu. Mu 2024 ndi 2025 magawo a pa mwezi anali awa:

- K5,100 yoyamba: palibe msonkho
- kuchokera pa K5,100.01 mpaka K7,100: 20 peresenti
- kuchokera pa K7,100.01 mpaka K9,200: 30 peresenti
- zonse zopyola K9,200: 37 peresenti

Ngati peyisilipi yanu ndi ya chaka china, tengani magawo a chakacho pa webusaiti ya ZRA musanayambe. Njira yowerengera ndi yomweyi.

Tiyeni tidzaze ndowazo ndi K11,094. Yoyamba yatenga K5,100, msonkho palibe. Yachiwiri imatenga K2,000, ndipo 20 peresenti yake ndi K400. Yachitatu imatenga K2,100, ndipo 30 peresenti yake ndi K630. Zatsala ndi K11,094 kuchotsa K9,200, zimene ndi K1,894, ndipo 37 peresenti yake ndi K700.78. Kuphatikiza K400, K630 ndi K700.78 tikupeza K1,730.78, ndendende ndi chithunzi.

Popeza ndowa yachiwiri ndi yachitatu zikadzaza msonkho wake pa magawo a 2024 ndi 2025 ndi K1,030, aliyense wolandira kupyola K9,200 akhoza kudulira njira:

```
PAYE = 1030 + (Gross - 9200) x 0.37
```

Tsopano apa mpamene timafuna muchedwepo. Anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito ku maakaunti, amayamba achotsa NAPSA pa malipiro onse kenako n'kuwerengera msonkho pa zotsalazo. Maganizo ake ndi omveka: ndalama za penshoni sunazigwire m'manja, ndiye uzikhomerenji msonkho? Ndipo kale kunalidi kagawo kotere, ka K255 pa mwezi kamene kankachotsedwa msonkho usanawerengedwe. Kagawoko kanathetsedwa kuyambira 2018. Lero PAYE imawerengedwera pa malipiro onse oyenera msonkho, NAPSA ndi NHIMA zisanachotsedwe. Mukachotsa NAPSA kaye pa chitsanzo chathu mupeza msonkho wa K1,525.54, n'kuyamba kuganiza kuti kampani yakuberani K205.24, pamene kampaniyo yalondola. Tisanapite kukagogoda pa chitseko cha a malipiro, ichi ndicho choyamba kudzifunsa. Ndipo zikakhala kuti peyisilipi yeniyeniyo ndi imene ikuonetsa K1,525.54, msonkho wadulidwa wochepa, ndipo zikadzadziwika kampani idzafunika kulipira zotsalazo, mwina n'kudzazidula kwa inu pa nthawi imene simukuyembekezera. Peyisilipi yoonetsa K1,636.43 ndi ya makina amene akuchotsabe K255 yakale ija.

Palinso manambala ena awiri oti muwazindikire. K1,852.75 ndi msonkho wa K11,094 pa magawo a 2023, pamene gawo lopanda msonkho linkathera pa K4,800, lomaliza linkayambira pa K8,900 ndipo linali 37.5 peresenti. Mukaona imeneyo pa peyisilipi ya 2025, makina sanasinthidwe, ndipo mukuluza K121.97 mwezi uliwonse. Werengani kuti zayamba liti, chifukwa kulakwitsa kotere sikukhala kwa mwezi umodzi. Ina ndi K4,104.78, imene ndi 37 peresenti ya ndalama zonse osagawa magawo. Kwa munthu amene ntchito yake yaikulu ndi imeneyi, nambala yotere ndi yofunika kuifunsa tsiku lomwelo.

Magawowa amayankhanso dandaulo limene timamva kawirikawiri, lakuti ndagwira ovataimu mpaka usiku koma sindikuiona. Munthu wathuyu anali atapyola kale K9,200 ovataimu isanabwere, choncho K630 yonse yagwera m'ndowa ya 37 peresenti. Msonkho watengapo K233.10, NAPSA K31.50, m'thumba mwalowa K365.40. Palibe chalakwika, umo ndi mmene lamulo lilili. Koma si zoona zimene ena amanena kuti ukakwezedwa malipiro n'kulowa gawo lapamwamba umalandira zochepa kuposa kale. Peresenti yapamwamba imangogwira ndalama zimene zasefukirazo, za m'munsi zimakhala momwemo.

Pali zinthu ziwiri zimene zingachititse kuti nambala yanu isiyane ndi ya pa chithunzi popanda wolakwa. Choyamba, si zonse zolembedwa ku zolandira zimene zimakhomeredwa msonkho. Ndalama zokubwezerani zimene munagwiritsa ntchito pa ulendo wa kampani si malipiro. Mbali inayi, kampani ikakulipirirani fizi ya ana kapena bilu ya magetsi a kunyumba, zimenezo zimawerengedwa ngati malipiro ngakhale simunazigwire. N'chifukwa chake peyisilipi zina zili ndi mzere wa `Taxable Pay`. Ukakhalapo, werengerani msonkho pa umenewo, kenako funsani chimene chausiyanitsa ndi `Gross Pay`.

Chachiwiri, msonkhowu kwenikweni ndi wa chaka chonse, Januwale mpaka Disembala, ndipo makina ena amauwerengera mosonkhanitsa kuyambira Januwale. Tiyerekeze munthu walandira K4,000 mu Januwale ndi K6,200 mu Febuluwale. Kuwerengera mwezi paokha, Febuluwale ali ndi msonkho wa K220, umene ndi 20 peresenti ya K1,100 yopyola K5,100. Kuwerengera mosonkhanitsa, miyezi iwiriyo yapereka K10,200, ndipo gawo lopanda msonkho la miyezi iwiri ndi K10,200 yomweyo, choncho msonkho palibe. Ngati malipiro anu amakwera ndi kutsika, ndipo PAYE ya mwezi uno yasiyana pang'ono ndi imene mwapeza, pitani ku manambala a `YTD`. Chulukitsani malire a gawo lililonse ndi chiwerengero cha miyezi imene yapita, werengerani msonkho pa malipiro onse osonkhanitsidwa, kenako chotsani msonkho umene unadulidwa kale mpaka mwezi watha. Chotsalacho ndiye PAYE ya mwezi uno.

Zodulidwa zina ndi `Net Pay`

Zotsalazi n'zosavuta kuwerengera koma ndi zimene zimafuna mapepala. Adivansi ya K500 muyenera kuikumbukira kuti munatengadi. Ngongole ya K850 ikhale ndi pepala limene munasaina, lonena ndalama za pa mwezi ndi mwezi womaliza, chifukwa ngongole zodulidwa pa malipiro zimakonda kupitirira mwezi umodzi kapena iwiri zitatha kale, wobwereketsa akachedwa kuuza kampani kuti aimitse. Mzere uliwonse umene simukuudziwa, kaya ndi wa K20, funsani kuti ndi wa chiyani ndipo munavomereza liti.

Mizere ya `Employer NAPSA`, `Employer NHIMA` ndi `SDL` ikaoneka pansi pa chithunzi musadzidzimuke. Imeneyo ndi ya bwana, amangoisonyeza. `SDL` ndi msonkho wa maphunziro a luso, 0.5 peresenti ya malipiro, ndipo wantchito sadulidwa. Chofunika n'kuona kuti sinalowe mu `Total Deductions`. Njira yodziwira ndi kuphatikiza nokha: K554.70, K72.80, K1,730.78, K500 ndi K850 zikupereka K3,708.28. Nambala ya pa chithunzi ikanakhala yaikulu ndi K55.47, tikanadziwa kuti `SDL` yalowa molakwika, ikanakula ndi K554.70 ikanakhala NAPSA ya bwana. Ikakula ndi nambala imene simukuipeza paliponse, mwina pali mzere umene unadulidwa pojambula.

K11,094 kuchotsa K3,708.28 ndi K7,385.72. Tsopano tsegulani uthenga wa ku banki kapena sitetimenti. Nambala imene yalowa iyenera kukhala K7,385.72, mpaka ngwee. Yang'anani mzere wa ndalama zolowa, osati zotsala mu akaunti, popeza banki ikhoza kudula ngongole yake ndi zolipiritsa zake mphindi yomweyo malipiro atangolowa, ndipo zimenezo sizioneka pa peyisilipi.

Ngati chithunzicho n'cha munthu wina

Mwini nyumba ku Chilenje kapena msungichuma wa gulu lobwereketsana ku Matero amalandira zithunzi zotere kwa anthu ofuna kusonyeza kuti angathe kulipira. Kusintha nambala pa chithunzi masiku ano ndi ntchito ya mphindi zochepa pa foni, ndipo kuyang'ana ngati zilembo zikufanana sikuthandiza kwenikweni. Chimene chimagwira wosintha ndi masamu, chifukwa amasintha manambala akuluakulu n'kuiwala ang'onoang'ono.

Werengerani chobwerera m'mbuyo. NAPSA kuchulukitsa ndi 20 imapereka malipiro onse. NHIMA kuchulukitsa ndi 100 imapereka `Basic Pay`. Tinene kuti munthu wakweza `Basic Pay` kufika K9,280, `Gross Pay` kufika K13,094 ndi `Net Pay` kufika K9,385.72, kuwonjezera K2,000 ponseponse kuti kuphatikiza kugwirizane. Mukaphatikiza ndi kuchotsa, zonse zioneka bwino. Koma K554.70 kuchulukitsa ndi 20 ndi K11,094, osati K13,094. K72.80 kuchulukitsa ndi 100 ndi K7,280, osati K9,280. Msonkho wa K13,094 ukanakhala K2,470.78, pamene chithunzi chikuti K1,730.78. Mboni zitatu zikuloza manambala oyambirira aja, osati olembedwawo. Mzere umodzi wokha ukasiyana musafulumire kunena munthu bodza, chifukwa taona kale kuti makampani amalakwitsa, ndipo NAPSA ikakhala pa denga, K1,708.20 mu 2025, imangokuuzani kuti malipiro ndi K34,164 kapena kuposa. Koma zitatu zonse zikatsutsa, pemphani peyisilipi za miyezi itatu yotsatizana pamodzi ndi sitetimenti ya ku banki. Manambala a `YTD` a mwezi uno kuchotsa a mwezi watha ayenera kupereka malipiro a mwezi uno, ndipo amenewa ndi ovuta kuwanamiza miyezi itatu.

Nanunso potumiza chanu kwa munthu woti akuthandizeni kuwerengera, phimbani NRC, TPIN, nambala ya NAPSA ndi ya akaunti ya ku banki. Masamu safuna zimenezo, ndipo chithunzi chikalowa m'gulu la WhatsApp simungachibwezenso.

Chimene chithunzi sichingasonyeze

Peyisilipi yolondola mpaka ngwee imangotsimikizira kuti ndalama zadulidwa. Siitsimikizira kuti zafika. Bwana ayenera kupereka NAPSA, NHIMA ndi PAYE pofika pa 10 mwezi wotsatira, ndiye za Malichi ziyenera kupita pofika pa 10 Epulo. Kampani ikakhala pa mavuto a ndalama, zimenezi ndi zimene zimayamba kuchedwa, peyisilipi n'kumatulukabe yokongola. Tengani sitetimenti yanu ya NAPSA pa intaneti kapena ku ofesi yawo, monga ya ku Levy, kawiri pa chaka. Pa mwezi wa Malichi 2025 munthu wathuyu ayenera kuona K554.70 yake ndi K554.70 ya bwana, zonse K1,109.40. Onaninso ngati pali miyezi yopanda kanthu. Miyeziyo imawerengedwa: kuyambira 2023 membala amaloledwa kutapa 20 peresenti ya zosonkha zake akakwanitsa miyezi 60 kapena zaka 45 zakubadwa, ndipo penshoni ya mwezi ndi mwezi nayo imadalira kuchuluka kwa miyezi imene inalipiridwa.

Mukapeza cholakwika, lembani kalata yaifupi kwa a malipiro, osangolankhula pa khonde. Tchulani mwezi, mzere, nambala imene ili pa peyisilipi, nambala imene mwapeza ndi mmene mwaipezera, mwachitsanzo: "Peyisilipi ya Malichi 2025 ikuonetsa NAPSA ya K364.00, koma 5 peresenti ya K11,094 ndi K554.70. Chonde ndithandizeni kuona pamene yawerengedwera." Kalata yotere imayankhidwa msanga kuposa yongoti malipiro achepa, chifukwa wa ku maakaunti akudziwa pomwe angatsegule. Pemphani peyisilipi yokonzedwa, ndipo mwezi wotsatira onani ngati ndalama zobwezedwa zalembedwa pa mzere wakewake. Zikakanika mkati mwa kampani, za penshoni yosafika zimapita ku NAPSA mutanyamula mapeyisilipi a miyezi imene ikusowayo, za msonkho ku ZRA, ndipo za ovataimu, masiku odulidwa ndi zodulidwa zimene simunavomereze zimapita ku ofesi ya zantchito pamodzi ndi kontirakiti yanu ndi kabuku ka maola kaja.